Kuyala mulu wa mayankho a kafukufuku pa tebulo

Ochita kafukufuku akabwerako kumidzi, mayankho a mafunso osankha, a "inde" kapena "ayi", sachedwa kuwerengeka. Ovuta ndi a mafunso omwe munthu amayankha m'mawu akeake. Amafika ali mulu: ena mawu awiri, ena ndime yathunthu, ena olembedwa mothamanga pa foni dzuwa lili paliwombo. Kuti mulu wotere uwerengeke, umafunika kuyalidwa pa tebulo pomwe munthu aliyense ali ndi mzere wake wopingasa, funso lililonse lili ndi kolamu yake yotsika.

Tiyerekeze kuti gulu lina lafunsa amayi 120 mafunso atatu okhudza sikelo ya ana. Funso lachiwiri likuti, "N'chiyani chinakulepheretsani kupita ndi mwana kusikelo mwezi watha?" Mapulogalamu ngati KoboToolbox ndi ODK amatulutsa kale mzere umodzi pa munthu aliyense, koma apa mayankho analembedwa pamapepala, ndipo wotaipa anawaika mu Excel motsatizana: nambala ya mayi, nambala ya funso, yankho. Mayi mmodzi ali pa mizere itatu, ndipo mizere yonse yakwana 352.

Musanakhudze chilichonse, sungani fayilo yoyambayo padera n'kumagwira ntchito pa kope. Kenako onetsetsani manambala a oyankha, chifukwa tebulo lonse latsamira pa iwo. Nambala iyambe ndi lemba, monga R007. Mukalemba 007 yokha, Excel imadya maziro n'kusiya 7, ndipo siigwirizananso ndi zomwe zili papepala. Mayina ndi manambala a foni asalowe pa tebuloli ayi. Akhale pa fayilo ina yotsekedwa, popeza ena mwa amayiwa anena za m'banja mwawo.

Kuti mulu usanduke tebulo, yankho lililonse lipatseni kiyi yophatikiza munthu ndi funso. Pa tsamba lomwe mwalitcha `mulu`, nambala ya mayi ikakhala mu kolamu B, funso mu C, yankho mu D, mu A mulembe fomula yoyamba ili m'munsimu. Pa tsamba latsopano, manambala a amayi atsike mu kolamu A, mafunso Q1, Q2, Q3 akhale pamwamba, ndipo fomula yachiwiri ikoke yankho lililonse kupita m'kabokosi kake.

```
=B2&"_"&C2
=IFERROR(VLOOKUP($A2&"_"&B$1,mulu!$A:$D,4,FALSE),"")
```

Tebulo likadzadza limaoneka bwino, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Amayi 120 pa mafunso atatu ndi timabokosi 360. Mulu unali ndi mizere 352, choncho timabokosi topanda kanthu tiyenera kukhala 8. Mukawerenga n'kupeza 11, ndiye kuti mayankho atatu asowa panjira. Mwina wotaipa analemba R41 m'malo mwa R041, kapena amayi awiri anapatsidwa nambala imodzi. `VLOOKUP` imatenga yankho loyamba lomwe yapeza, lachiwiri imalisiya osakuuzani. `=COUNTIF(A:A,A2)` pa tsamba la mulu imaulula msanga: paliponse pomwe yatulutsa 2, bwererani ku pepala. Manambala akagwirizana, koperani tebulo lonse n'kulimata ndi `Paste Values` kuti mawu akhazikike.

Tsopano ntchito yeniyeni iyamba, ndipo imafuna mutu wa munthu wodziwa mmene anthu a kuderalo amayankhulira. Werengani mayankho a funso limodzi motsika kolamu, makumi anayi kapena asanu oyamba, musanapereke khodi ngakhale imodzi. Mudzaona zifukwa zikubwerezeka mosintha zovala. Wina akuti "kunali kutali," wina "ndinalibe ya kabaza," wina "mtsinje unadzadza, mlatho unakokoloka." Kodi zonsezi ndi chifukwa chimodzi? Ine ndimakana. Mtunda, ndalama ya ulendo ndi msewu woduka ndi mavuto atatu omwe amathetsedwa ndi anthu osiyana, ndipo mukawaphatikiza pachiyambi simudzathanso kuwalekanitsa. Kuphatikiza makhodi pamapeto n'kosavuta. Kugawa khodi imodzi kumafuna kuwerenganso zonse.

Zomwe mwagwirizanazo zilembedwe m'buku la makhodi: 1 mtunda, 2 ndalama ya ulendo, 3 msewu kapena mvula, 4 ntchito ya kumunda kapena geni, 5 matenda kapena maliro, 6 kusalandiridwa bwino kuchipatala, 7 zina. Dzina lokha silikwanira. Pansi pa khodi iliyonse palembedwe zomwe zikulowamo, zomwe sizikulowamo, ndi chitsanzo chimodzi chochokera m'mayankho enieni. Popanda zimenezo, yankho lomwe mwalipatsa 1 Lolemba mudzalipatsa 2 Lachinayi mutatopa.

Nanga mayi R023 yemwe wanena kuti, "Ndinali kudimba, komanso ulendo watha anatikalipira chifukwa tinachedwa, ndiye ndinagwa ulesi"? Wapereka zifukwa ziwiri, 4 ndi 6. Kulemba "4,6" m'kabokosi kamodzi n'kudzitchera msampha, chifukwa powerengera Excel siidzaona 4 kapena 6 mmenemo, ndipo pa makompyuta ena imayesa kuti ndi nambala ya desimali. Kumuwonjezera mzere wachiwiri nakonso n'kulakwa, amayi adzakhala 121. Chofunika n'kutsegulira khodi iliyonse kolamu yakeyake, Q2_1 mpaka Q2_7, n'kumalemba 1 ngati chifukwacho chatchulidwa, 0 ngati sichinatchulidwe. R023 akhala ndi 1 pa Q2_4 ndi pa Q2_6. Polemba lipoti mukumbukire kunena kuti maperesenti akaphatikizidwa apitirira 100, chifukwa ena anatchula zifukwa zingapo.

Kolamu ya mawu a mayiyo isafufutidwe. Ikhale pambali pa makhodi mpaka ntchito ithe. Ndaonapo matebulo a manambala okhaokha omwe palibe angathe kufotokoza kuti 6 uja anachokera pati, ndipo wina akafunsa kuti "anawakalipira motani?" yankho palibe.

Timabokosi topanda kanthu natonso timasiyana. Mayi yemwe anapita kusikelo funsolo silimamukhudza. Wina anati "sindikudziwa". Wina anakana kuyankha kapena wofunsa anadumpha funsolo. Ambiri amagwiritsa ntchito 97, 98 ndi 99 pa zitatuzi, ndipo malinga zalembedwa m'buku la makhodi, zili bwino. Kuika 0 pa onsewa kumachititsa kuti mayi yemwe sanafunsidwe n'komwe awerengedwe ngati wanena kuti mtunda si vuto.

Ngozi ziwiri za pakompyuta n'zoyenera kuzidziwa. Mukasankha kolamu imodzi yokha n'kudina `Sort`, Excel imafunsa ngati mukufuna `Expand the selection`. Mukakana, kolamuyo imayenda yokha, mayankho a mayi wina n'kugwera pa mzere wa mnzake, ndipo maso sangazindikire. Ina ndi ya zilembo: fayilo ya CSV ikatsegulidwa molakwika, ŵ amasanduka `Åµ`, mawu ngati "ŵana" osapezekanso mukamawasaka. Itseguleni kudzera pa `Data`, kenako `From Text/CSV`, n'kusankha UTF-8.

Makhodi akatha, patsani mnzanu buku la makhodi ndi mizere makumi awiri kapena atatu yosankhidwa mwachisawawa, makhodi anu mutawabisa. Akagwirizana nanu pa mizere 21 yokha mwa 30, kawirikawiri vuto limakhala m'bukumo, ndipo mukayang'ana pomwe mwasiyana mupeza makhodi awiri omwe malire ake sakuoneka, monga 1 ndi 2. Akatswiri amayeza mgwirizanowu ndi kappa, muyeso womwe Jacob Cohen anafalitsa mu 1960, womwe umachotsera kugwirizana kongochitika mwamwayi. Yang'ananinso khodi 7. "Zina" zikapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a mayankho, ziwerengeninso zokha. Mwina amayi asanu ndi atatu anena kuti kabuku ka kusikelo kanatayika, ndipo chimenecho n'chifukwa choyenera khodi yakeyake, 8, ndi kolamu yatsopano ya Q2_8, yomwe muyenera kuidzadza kuyambira pa R001.