Tembenuzani batani musanatumize ndalama

Masiku ano kaunjika wambiri amagulidwa pa foni. Wogulitsa amatsegula belo, nkusankha jinzi yooneka bwino, nkuijambula itayalidwa pa mkeka, mtengo nkulemba pansi pake. Chithunzi chotere chimaonetsa mtundu ndi kasokedwe, koma sichikuuzani ngati Levi's imeneyo ndi yeniyeni. Chikopa cha kumbuyo chija ndi kansalu kofiira ka pathumba ndi zosavuta kukopera. Tizitsulo ndiye timavuta, chifukwa timafuna makina odindira, ndipo opanga zabodza amalimbikira mbali yoonekera, yobisika nkuisiya.

Tiyerekeze kuti wina akugulitsa 501 ndipo akuti ndi yakale, yosokedwa ku Amereka. Choyamba onani kutsogolo. Jinzi ya 501 imatsekedwa ndi mabatani; mng'ono wake 505, yomwe inatuluka mu 1967, ndiyo ya zipi. Ngati chikopa chalembedwa 501 yokha koma kutsogolo kuli zipi, funsani kaye chifukwa chake. Mwina telala anasintha, ndipo mudzaona ulusi wa mtundu wina kapena timabowo ta msoko wakale.

Kenako pemphani chithunzi cha kuseri kwa batani la m'chiuno, mbali imene imakhudza mimba. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kampaniyi imadinda pamenepo nambala ya fakitale imene inasoka buluku. Nambala yotchuka ndi 555, ya fakitale ya mumsewu wa Valencia ku San Francisco, yomwe inatsekedwa mu 2002. Pa jinzi zambiri za m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, nambala ya pa batani imapezekanso pa kansalu ka m'kati kamene kamafotokoza za kachapidwe. Ndiye mukufunika zithunzi ziwiri, cha batani ndi cha kansaluko. Batani likati 555 kansalu nkunena kuti buluku linasokedwa m'dziko lina, chimodzi mwa ziwirizi chikunama. Kuseri kwa batani kukakhala kosalala opanda chidindo chilichonse, ine sindingalipire mtengo wa yeniyeni, ngakhale kuti dzimbiri nthawi zina limafufuta manambala.

Timisomali ta mkuwa ta m'makona mwa matumba, timene Jacob Davis ndi Levi Strauss analembetsa ku boma mu 1873, timakhala ndi zilembo za kampani, L.S.&CO, ndi S.F. Onani ngati zilembozo zazama mofanana pa kalikonse. Timathandizanso kudziwa zaka: kuyambira 1937 mpaka cha mu 1966, timisomali ta matumba a kumbuyo tinkabisidwa m'nsalu, moti timaoneka pokhapokha mutatembenuza buluku. Wonena kuti yake ndi ya m'ma 1950 aonetse m'katimo.

Zipi imanyenga anthu ambiri. Akangoona YKK pa kogwirira, mtima umakhala pansi. Koma YKK ndi kampani ya ku Japan, yomwe inayamba mu 1934, ndipo imagulitsa zipi kwa aliyense, osoka zenizeni ndi osoka zabodza omwe. Palinso zipi zabodza zolembedwa dzina lomwelo. Choncho zilembo zitatuzi pazokha sizitsimikizira jinzi kapena chikwama. Zipi imathandiza kwambiri pogwira bodza: jinzi zakale za 505 zambiri zili ndi zipi ya Talon, ndipo zikwama zina zodula za ku Ulaya zimadindidwa Lampo kapena Riri kunsi kwa mutu wa zipi, kumene wogula saonako kawirikawiri. Chikwama cha dzina lalikulu chokhala ndi zilembo zosazama, zotupa m'mbali, utoto wagolide ukusupuka nkuonetsa chitsulo chotuwa, chadziulula chokha.

Kajambulidwe nakonso nkofunika, chifukwa chitsulo chimanyezimira. Kuwala kwa foni kukamenya batani molunjika, mumangoona kadontho koyera. Muuzeni wogulitsa ajambulire panja pamthunzi, kuwala kuzichokera m'mbali, kuti maenje a zilembo agwire mdima. Asayandikitse foni kwambiri, chifukwa makamera ambiri amachita chimbuuzi akafika pafupi. Pa WhatsApp atumize ngati Document, poti chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimachepetsedwa ndipo 555 imatha kuoneka ngati 553. Pambali pa batani aikepo kapepala kolembedwa tsiku la lero, m'mphepete mwa nsalu muzioneka, kuti mudziwe kuti batanilo ndi la buluku lomwelo, osati chithunzi chotola pa intaneti.

Pali malire amene zithunzi sizingadutse. Kampani ya Levi's yokha inasokanso jinzi zotengera zakale, zokhala ndi timisomali tobisika ndi nambala 555, m'zaka za m'ma 1990. Zimenezo ndi zenizeni koma si za m'ma 1950, ndipo chimaziulula ndi kansalu ka kachapidwe kaja, kamene jinzi za nthawi imeneyo zinalibe.