Nkhani ya chithunzi chomwe munatsala mwana yekha

Nkhani yaifupi ilibe malo ofotokozera ukwati wonse, kuyambira pachinkhoswe mpaka tsiku lomwe ankhoswe anatopa nawo n'kuusiya. Mlembi amakhala ndi masamba atatu kapena anayi basi, ndiye amafuna kanthu kamodzi kogwirika ndi manja koti kamusenzere zaka zonsezo. Kamodzi mwa tinthu totere ndi chithunzi cha banja chomwe wina anang'amba, kenaka n'kuchidula m'mbali mpaka kutsala mwana yekha. Ambiri amene amalemba nkhani yotere amathamangira kuliritsa owerenga. Amaiwala kuti pakapepalako panachitika ntchito ziwiri zosiyana, ndipo nkhani yeniyeni ili pakati pa ntchito ziwirizo.

Kung'amba n'kwa mkwiyo. Kumatenga kamphindi, munthu osayang'ana n'komwe komwe mng'ambowo ukulowera. Pepala la chithunzi limakhala ndi timagawo tosanjikizana, choncho likang'ambika m'mphepete mumatsala moyera, mwamanyumwanyumwa, chifukwa kachikopa kapamwamba komwe kali ndi mtundu kamasupuka mosiyana ndi pepala lapansi. Kudula n'kwina. Wodula amayamba wafunafuna sizasi kapena lumo, n'kukhala pansi pamalo owala, n'kumazungulira khutu la mwana pang'onopang'ono kuti asalipweteke. Mkwiyo umakhala utapita kale, chatsala n'chiganizo. Ndiye owerenga akaona mbali imodzi yong'ambika ndi zitatu zosalala, amadziwa popanda kuuzidwa kuti panali tsiku la phokoso, kenaka tsiku lina lachete. Ndipo palibe chokakamiza kuti manja amene anang'amba akhale omwewo amene anadula.

Tiyeni tiipange nkhaniyi pompano, tione mmene imayendera. Chithunzicho chijambulidwe pa Khirisimasi ya 1996, m'mudzi wina ku Dedza, ndi mmodzi mwa ojambula aja ankayenda panjinga kamera ili m'khosi. Chaka chimenechi sitikuchisankha mwangozi. Masiku amenewo filimu imodzi inkalowa zithunzi 24 kapena 36, ndipo wojambula ankadikira kuti idzaze asanapite nayo kutauni kokatsukitsa. Pobwera ankakupatsani chithunzi chimodzi cha masentimita 10 kwa 15, negetivu n'kutsala nayo yekha. Banja likang'amba chimenecho, chapita. Pachithunzipo mayi akhala pampando atanyamula mwana wa zaka ziwiri pamiyendo, bambo aima kumanzere, dzanja lawo lili paphewa la mwanayo.

Kakhalidwe kameneka ndiko msana wa nkhani yonse. Mwana wonyamulidwa sungamudule n'kumutulutsa yekha woyera. Kumbuyo kwake kutsala chitenje cha amayi ake, pamimba patsala mkono womukumbatira, paphewa patsala nsonga za zala zitatu zachimuna. Wodulayo akafuna kuchotsa zalazo ndiye kuti adula phewa la mwana. Mlembi amene waimika mwanayo payekha pakati pa makolo ake wadzipeputsira ntchito, koma wataya nkhani, pakuti kachithunziko katuluka ngati ka pachiphaso, kopanda chofunsa.

Tsopano tidumphe zaka 17. Mwana uja ndi mtsikana wa zaka 19, waleredwa ndi agogo ake akuchikazi, ndipo kachithunziko wakaona moyo wake wonse m'Baibulo la agogo. Amakadziwa ngati chithunzi chake cha paubwana, basi. Nkhani iyambire tsiku lomwe wakatenga kupita nako kusitudiyo kuti akakakulitse. Mnyamata wa pasitudiyo akakaika pamakina, kanthu kosapitirira chikhatho kamadzaza sikirini yonse, ndipo amafunsa funso la ntchito yake chabe: “Achemwali, zala izi tizifufute kapena zikhale?” Mlembi sanafunike kulemba kuti mtsikanayo anakula osadziwa bambo ake. Funso la munthu wosadziwa kanthu lagwira ntchitoyo.

Ambiri amalephera pa zimene zimatsatira. Mtsikana wabwerera kumudzi, ndipo mlembi amapatsa agogo masamba awiri oti afotokoze zonse, kuyambira kubwera kwa mkamwini, mowa wake, mpaka ulendo wake wa ku Joni. Agogo enieni sayankhula choncho, makamaka pa nkhani yomwe iwo ali ndi mbali. Zokambirana zoyenera zingakhale zazifupi chonchi:

“Agogo, zala izi ndi za ndani?”

“Za munthu.”

“Anang'amba ndani?”

“Amako. Usiku womwe anamuthamangitsa.”

“Nanga amayiwo ali kuti pachithunzipa?”

Agogo anapitiriza kusankha nyemba.

Taonani kuti agogo ayankha msanga funso la kung'amba, popeza mlanduwo ndi wa wina. Funso la kudula ndilo lawatseka pakamwa. Apa owerenga awerengetsere okha: mng'ambo unachotsa munthu mmodzi yekha, bambo. Mayi anatsala pachithunzipo ndi mwana wawo. Ndiye pali wina amene pambuyo pake anatenga lumo n'kuchotsanso mayiwo. Owerenga a kwathu kuno sasowa kuwamasulira zambiri. Amadziwa kuti kumadera a chikamwini banja likatha mwamuna ndiye amanyamula katundu wake, mwana n'kutsala kwa amayi ake ndi mbumba yawo. Kuchoka kwa bambo si chodabwitsa kwenikweni. Chodabwitsa n'choti mayi, mwini mudzi, nayenso asowe pachithunzi chosungidwa ndi amayi ake omubereka.

Mlembi ali ndi njira ziwiri pamenepa, ndipo ayenera kusankha imodzi mumtima mwake ngakhale asailembe. Mwina mayiwo anakwatiwanso kutali, mwamuna watsopano n'kukana mwana, ndipo agogo anadula mwana wawo yemwe chifukwa cha kuwawa mtima. Mwinanso mayiwo anadzidula okha asananyamuke, kuti mwana asakule akuyang'ana nkhope ya munthu amene anamusiya. Ine ndimakonda yoyambayo, chifukwa wodulayo ali pomwepo pakhonde, lichero lili pamiyendo, ndipo mtsikana ayenera kudya naye nsima madzulo omwewo. Chilichonse chomwe mlembi wasankha chiyenera kuoneka pakapepalako. Lumo limasiya mizere yowongoka yokumana m'makona, ndipo pena limabwereza pamalo amodzi pomwe silinadule bwino koyamba. Sizasi imatha kukhota motsata mutu. Ngati kachithunziko kanakhala zaka m'chikwama cha m'thumba, kamakhala kopindika ndi kofufuma m'makona, koma ka m'Baibulo kamakhala kosalala. Kumbuyo kungatsale theka la chidindo cha wojambula kapena theka la mawu olembedwa ndi bolopeni, dzina lodukira pakati.

Luso lotere alembi a maiko ena analiyesa kale, aliyense m'njira yake. Yasunari Kawabata wa ku Japan, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1968, analemba timankhani tambiri tatifupi kwambiri, tina ta tsamba limodzi kapena awiri. Kena mwa ito n'ka mlakatuli amene atolankhani atamupempha chithunzi chake, anadula pakati chithunzi chomwe anajambulitsa ndi mtsikana yemwe anali pa chibwenzi naye kale. Atayang'ana theka lotsalalo, anadabwa kuona kuti mtsikanayo ali yekha sakuonekanso wokongola monga ankamukumbukira. Phunziro la mlembi pamenepa n'lakuti munthu wotsala pachithunzi chodulidwa amasintha. Mwana wathu uja ankaseka chifukwa wina amene kulibe ankamusekesa, ndipo maso ake akuyang'ana kumanzere, kumbali yong'ambika. Ali yekha, kuseka kuja kulibe mwini.

Raymond Carver wa ku America anabwera mbali ina m'kankhani kake kotchedwa “Popular Mechanics”, komwe kali m'buku lake la 1981. Mwamuna akulongedza katundu kuti achoke, mkazi akutola chithunzi cha khanda lawo pabedi, ndipo kulimbirana chithunzi kukusanduka kulimbirana khanda lenilenilo, wina kukoka uku wina uku. Amene anakula akumva za chiweruzo cha Solomoni pa amayi awiri aja aona msanga kuti kuno palibe amene akulolera kutaya. Carver sanatchule maina a anthuwo, ndipo sananene chomwe chinayambitsa mkangano.

Pali misampha iwiri yomwe imagwira nkhani za chithunzi chong'ambika kawirikawiri. Woyamba ndi theka linalo. Mlembi amalakalaka kuti mtsikana akakumane ndi bambo wina wachikulire pa depoti, bamboyo atulutse kachidutswa m'chikwama, zidutswazo zigwirizane ndendende, onse alire. Koma mbali yomwe inadulidwanso ndi lumo singagwirizane ndi chidutswa chong'ambika, popeza manyumwanyumwa aja anatayidwa kale. M'nkhani yathuyi mng'ambo watsala pokhapo pafupi ndi phewa, pamene wodula anaopa kupitirira. Msampha wachiwiri ndi mlembi kuima pakati pa nkhani n'kulengeza kuti chithunzichi chikuimira banja losweka. Owerenga anaona kale zimenezo pandime yoyamba, ndipo kuwauzanso n'kuwayesa ana.

Njira yoyesera ngati chithunzi chikugwira ntchito ndi yapafupi. Fufutani ziganizo zonse zomwe zikutchula chithunzicho, muwerengenso. Ngati nkhani ikuyendabe bwinobwino, ndiye kuti chithunzicho chinali chokongoletsa chabe. M'nkhani yabwino chimasuntha anthu: chimakweza mtsikana minibasi, chimatulutsa funso pakamwa pa mnyamata wa pasitudiyo, chimatseka pakamwa pa agogo. Mathero ake nawonso achokere pomwepo. Mtsikana ayenera kubwerera kusitudiyo kukayankha funso lija, ndipo yankho lililonse lili ndi mtengo wake. Akati zalazo zifufutidwe, wamalizitsa ntchito yomwe amayi ake ndi agogo ake anayamba, munthu wachitatu kudula chithunzi chomwecho. Akati zikhale, ndiye kuti chithunzi chachikulu chikapachikidwa pakhoma m'nyumba ya agogo, mlendo aliyense azifunsa. Mlembi asankhe chimodzi, asiyire pomwepo, osatitengeranso ku ukwati wa mtsikanayo.

Wofuna kuika nkhaniyi m'masiku ano akumana ndi vuto lina. Pafoni chithunzi chimadulidwa ndi chala m'masekondi awiri, sichisiya mng'ambo, ndipo mafoni ambiri amasunga choyambacho kuti munthu athe kuchibweza. Kuwonjezera apo chimakhala chitatumizidwa kale pa WhatsApp kwa azakhali ndi amalume. Mwana wa lero sangafufuze zaka 17. Angofunsa msuweni wake, chithunzi chathunthu n'kufika tsiku lomwelo. Nkhaniyo ingalembedwe ndithu, koma funso lake lisintha: silikhalanso loti anadulidwa ndani, koma loti bwanji abale onse anali nacho chathunthu m'mafoni mwawo, wopanda ndi mmodzi yemwe womuonetsa.