Mpunga womwewo, makalori awiri: kodi chakudya chipimidwe chosaphika kapena chophika?

Anthu amene ayamba kulemba zimene adya tsiku ndi tsiku, kaya pofuna kuchepetsa thupi kapena potsatira malangizo a kuchipatala pa matenda a shuga, ambiri amasokonezeka pamalo amodzi. Akafufuza mpunga pa pulogalamu ya pafoni, pamatuluka manambala awiri: pena makalori 360 pa magalamu 100, pena 130. Mpunga ndi womwewo, mwina wa Kilombero wochokera ku Karonga, koma manambalawo asiyana pafupifupi katatu. Onse awiri ndi oona. Yoyambayo ndi nambala ya mpunga wosaphika, yachiwiriyo ndi ya wophika, ndipo chimene chalowa pakati ndi madzi.

Madzi alibe kalori ngakhale imodzi, koma pasikelo amalemera. Mpunga ukamapsa umamwa madzi mpaka kulemera kwake kufika pafupifupi katatu. Magalamu 100 a mpunga wouma amatuluka mumphika ali magalamu 270 mpaka 300, mphamvu yake ili yomwe ija, yangomwazikana m'chakudya chambiri. Choncho munthu amene wapima magalamu 250 a mpunga wophika m'mbale yake n'kusankha nambala ya wosaphika amalemba makalori 900, pomwe wadya pafupifupi 325. Madzulo amadzimana chakudya n'kugona ndi njala chifukwa cha makalori omwe sanalowe m'mimba mwake n'komwe.

Nyama imachita zosiyana ndi mpunga. Ikakhala pamoto imafinyika n'kutaya madzi, ndipo nthawi zambiri imachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Chidali cha nkhuku chopanda khungu ndi mafupa chili ndi makalori pafupifupi 120 pa magalamu 100 chikakhala chachiwisi, koma chowotcha chili ndi 165. Chidali cha magalamu 200 chikapsa chimatsala ndi magalamu ngati 150, ndipo njira zonse ziwiri zowerengera zimafika pafupifupi pamodzi, cha m'ma 240. Wolemba magalamu 150 aja pa nambala ya nyama yaiwisi amapeza 180, wachepetsa. Kulakwitsa kwa pa nyama kumabisala chifukwa ndi kochepa pa chakudya chimodzi, koma kukamabwerezedwa masana ndi madzulo mwezi wonse, munthu amadabwa kuona thupi silikusintha.

Pa nyama palinso zina zimene madzi okha sangafotokoze. Mafuta ali ndi makalori 9 pa galamu iliyonse, pomwe ufa wa m'mbewu ndi zomanga thupi zili ndi 4. Nyama yamafuta ikawotchedwa pamakala, mafuta ena amadonthera pamoto, ndipo amenewo apitadi. Yokazingidwa pachiwaya imamwa mafuta ena owonjezera, ndipo supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ofanana ndi magalamu 100 a chidali chachiwisi chija. Mafupa nawo amakwera pasikelo ngakhale sadyedwa. Wodya ntchafu ya nkhuku kapena nthiti za mbuzi apime asanadye, apimenso mafupa otsala, n'kuchotsera.

Chovuta kwenikweni ndi nsima. Ufa wa chimanga, woyera kapena mgaiwa, uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100. Mgaiwa umaposa ufa woyera pa michere ina chifukwa madeya ake sanachotsedwe, koma pa makalori kusiyana n'kochepa. Vuto limayamba ufa ukalowa mumphika, chifukwa wophika nsima sayeza madzi ndi ufa. Amapanga phala, amalisiya liwire, kenaka n'kumathira ufa ndi dzanja uku akuvundula mpaka mthiko utamuuza kuti nsima yalimba. Kulimbako aliyense ali ndi kwake. Makomo ena amakonda nsima yogwira ndithu, ena yofewa, ndiye nambala imodzi ya nsima siingakwanire makomo onse.

Njira yodalirika ndi kupima kawiri, ndipo siivuta. Mwachitsanzo, pakhomo pa anthu angapo, wophika apime beseni la ufa asanayambe, apimenso akamaliza. Ngati lachepa ndi magalamu 600, mumphika mwalowa makalori 2,160, chifukwa galamu iliyonse ya ufa ili ndi 3.6. Kenaka aike mbale yopanda kanthu pasikelo, adine batani la TARE kuti sikelo ibwerere pa ziro, n'kuomolera nsima yonse ndi chipande. Ikalemera magalamu 2,000, ndiye kuti magalamu 100 aliwonse ali ndi makalori 108. Wodya mitanda iwiri ya magalamu 250 umodzi wadya makalori 540. Akadalemba magalamu 500 amenewo pa nambala ya ufa, foni ikadamuuza 1,800, yomwe kwa anthu ena ndi chakudya cha tsiku lonse.

Ufa womwewo wa magalamu 600 utagwera m'manja mwa wophika nsima yofewa, ungatulutse magalamu 2,400. Pamenepo magalamu 100 ali ndi makalori 90, ndipo mitanda iwiri yolemera chimodzimodzi ili ndi 450. Phala la m'mawa, lomwe ndi lamadzimadzi, limatsika kwambiri kuposa pamenepo, ngakhale shuga ndi nsinjiro zimalikwezanso. Mitandayo ipimidwe nthawi yomweyo imene yapimidwa nsima yonse, popeza nsima ikamazizira imatuluka nthunzi n'kupepukako. Nkhoko zotsala mumphika ndi zochepa, siziyenera kudetsa nkhawa.

Ntchito imeneyi si ya tsiku lililonse. Wophika mmodzi amaphika mofananako, choncho kupima maulendo ochepa kumapereka nambala ya nsima ya pakhomopo yomwe ingagwire ntchito kwa nthawi yaitali. Njira yomweyi imathandiza pa mpunga wa banja lonse ndi ndiwo zamsuzi: kuphatikiza zonse zolowa mumphika zisanapse, mafuta omwe, n'kugawa ndi kulemera kwa chakudya chikapsa.

Nanga chabwino n'chiti? Pamene kuli kotheka, kupima chosaphika kumaposa, chifukwa ufa ndi mpunga wouma sizisintha kwenikweni, pomwe chophika chimadalira madzi, moto ndi dzanja la wophika. Manambala a pa paketi ya mpunga kapena ufa nawo nthawi zambiri amanena za chakudyacho monga chagulitsidwira, chisanaphikidwe. Kupima chophika n'koyenera pamene munthu wagula chakudya kumsika kapena wadya kwa abale, bola asankhe nambala ya chophika. Pa mapulogalamu a pafoni mawu ofunika kuwayang'ana ndi raw kapena dry pa chosaphika, ndi cooked, boiled kapena roasted pa chophika. Manambala ambiri m'mapulogalamuwa amalowetsedwa ndi anthu wamba osanena kuti chakudya chinali chotani, koma n'zotheka kuzindikira: mpunga wa makalori opitirira 300 pa magalamu 100 ndi wouma, ndipo nsima yolembedwa 360 ndi ufa. Ofuna manambala a zakudya zakwathu ali ndi buku la matebulo a zakudya za m'Malawi lomwe linatuluka mu 2019, ntchito imene akatswiri a ku LUANAR anatengapo mbali.

Kwa odwala shuga nkhaniyi ndi yoposa kunenepa kapena kuonda, chifukwa madzi omwewo amasokonezanso kuwerengera zakudya zokweza shuga m'magazi, makamaka kwa amene amabaya insulini. Munthu wotere akapatsidwa muyeso wa nsima kapena mpunga kuchipatala, afunse asanachoke ngati magalamuwo ndi a chophika kapena a chosaphika.