Bodza la dola imodzi ndi bodza la madola 20

Wophunzira saikoloji pa yunivesite sachedwa kukumana ndi mayina a Leon Festinger ndi James Merrill Carlsmith. Kafukufuku wawo, amene anasindikizidwa mu 1959, ndi wamasamba ochepa, ndipo ambiri amamuloweza m'chiganizo chimodzi: anthu amene analipidwa ndalama zochepa kuti aname anakhulupirira bodza lawolo kuposa amene analipidwa zambiri. Chiganizochi si cholakwika kwenikweni, koma chimasiya kunja gulu lachitatu la anthu amene sanalipidwe ndiponso sananame, pomwe gulu limeneli ndi limene limatiuza tanthauzo la zotsatira zonse.

Kafukufukuyu anachitikira pa Yunivesite ya Stanford ku America, ndipo anthu oyesedwa anali anyamata 71 ophunzira saikoloji yoyambira, amene sukulu inkawalamula kuthera maola angapo akuthandiza pa kafukufuku. Aliyense ankabwera payekha. Atafika ankapatsidwa ntchito yotopetsa mwadala. Kwa theka la ola ankaika tokulungapo ulusi 12 pa thireyi ndi dzanja limodzi, n'kutichotsa, n'kutiikanso. Theka la ola lotsatira ankakhala pa thabwa la tizikhomo 48, n'kumapotoza kalikonse pang'ono, akafika kumapeto n'kuyambiranso. Woyesayo ankakhala pambali ndi wotchi n'kumalemba ngati kuti liwiro lake ndi nkhani yaikulu, chonsecho cholinga chinali choti mnyamatayo atuluke ali wotopa nazo ndithu.

Ola litatha, woyesayo ankachita ngati akuulula chinsinsi. Ankati kafukufukuyu akufuna kuona ngati munthu amagwira bwino ntchito akauzidwa pasadakhale kuti ntchitoyo ndi yosangalatsa, ndipo pali mnyamata wina amene amalembedwa ganyu youza anthu a gulu lina zimenezo. Mpaka apa, aliyense anaona ndi kumva zofanana. Apa m'pamene njira zinapatukana.

Ena anauzidwa kuti waganyu uja lero sanabwere, ndipo panja pali mtsikana amene akudikira kulowa. Kodi iwo sangathandize kumuuza kuti ntchitoyi ndi yokoma? Mwa amenewa, ena anapatsidwa dola imodzi, ena madola 20, zomwe panthawiyo zinali ndalama zooneka kwa mwana wasukulu. Mtsikanayo anali mbali ya ofufuzawo. Ankayamba wamvetsera, kenako n'kunena kuti mnzake anamuuza kuti ntchitoyo ndi yogwetsa ulesi, ndipo mnyamatayo ankayenera kulimbikira kuti ayi, ndi yosangalatsa. Gulu lachitatu silinapemphedwe chilichonse. Linangodikira mphindi zochepa mu ofesi, osakumana ndi mtsikanayo.

Pomaliza onse ankapita m'chipinda china kwa munthu amene ankati akuchokera ku dipatimenti, ndipo akufuna kumva maganizo a ophunzira pa kafukufuku amene amachita nawo. Funso lalikulu linali lakuti: kodi ntchito ija inali yosangalatsa motani? Yankho linkaperekedwa pa mulingo woyambira -5, kutanthauza yotopetsa kwambiri, kufika +5, yosangalatsa kwambiri.

Powerenga kafukufuku wamtunduwu, funso loyamba ndi lakuti ofufuza anasintha chiyani ndi manja awo. Pano chosinthidwa ndi chimodzi, chokhala ndi magawo atatu: kunama polandira dola imodzi, kunama polandira madola 20, ndi kusanama konse. Funso lachiwiri ndi lakuti anayeza chiyani. Choyezedwa si bodza limene anauza mtsikana uja, ayi, chifukwa bodzalo magulu awiri onse ananena. Choyezedwa ndi nambala imene mnyamata anatchula pambuyo pake kwa munthu amene analibe naye chifukwa chonamira. Ophunzira ambiri amasokoneza ziwirizi polemba mayeso.

Zotsatira zake zinali motere, pa avareji ya anthu 20 pa gulu lililonse. Gulu losanama linapereka -0.45. Gulu la madola 20 linapereka -0.05. Gulu la dola imodzi linapereka +1.35.

Tiyerekeze kuti gulu losanama lija kunalibe. Tikanakhala ndi manambala awiri okha, +1.35 ndi -0.05, ndipo tikanatha kuwamasulira m'njira ziwiri zotsutsana. Wina akanati dola imodzi inakweza maganizo a anthu pa ntchitoyo. Wina akanati ayi, ntchitoyo inali yabwinoko kale, koma madola 20 ndi amene anaiipitsa, chifukwa munthu akapatsidwa ndalama zambiri chonchi amayamba kukayikira kuti pali chobisika. Palibe akanamugonjetsa mnzake. Nambala ya -0.45 ndi imene ikuthetsa mkanganowo. Ikutionetsa pamene munthu amaima akangogwira ntchitoyo popanda china chilichonse, ndipo tikaika manambala enawo pambali pake timaona kuti a madola 20 sanasunthe kwenikweni, pamene a dola imodzi ndi amene anachoka pamalo. Ndiye ntchito ya gulu loyerekezera imeneyo: ndi chikhomo cha m'malire a munda, chimene chimakuuza kuti ndani walowerera mnzake.

Kuteteza kafukufuku sikuthera pa gulu loyerekezera. Ofufuzawa anatseka mipata ina ingapo, ndipo mpata uliwonse ukuyankha munthu wokayikira. Wofunsa mafunso omaliza sankadziwa kuti mnyamata amene ali patsogolo pake ndi wa gulu liti, choncho sakanatha kumukokera ku yankho linalake ndi nkhope kapena mawu. Kufunsako kunaonetsedwa ngati nkhani ya dipatimenti, yosakhudzana ndi woyesa uja, kuti mnyamata asamve ngati akuyenera kusangalatsa amene wamulipira. Panalinso mafunso ena. Limodzi linali lakuti waphunzirapo zochuluka bwanji za luso lake, funso limene bodza lija silinakhudze, ndipo pamenepa magulu onse atatu anayankha mofanana ndithu. Izi n'zofunika, chifukwa zikusonyeza kuti a dola imodzi sanali anthu ongovomera chilichonse mwansangala. Anasuntha pa nkhani yokhayo imene ananamapo ndi zoyandikana nayo.

Mpata umene ine ndimauona kuti anautseka mwanzeru ndi uwu. Munthu angati: mwina a dola imodzi anayesetsa kwambiri pomunyengerera mtsikana uja, ndipo poyesetsapo anadzinyengerera okha. Ofufuzawa anajambula mawu a zokambirana zonse, n'kupatsa anthu awiri osadziwa magulu kuti aunike mmene mnyamata aliyense analankhulira. Sanapeze kuti a dola imodzi analimbikira kuposa anzawo. Kusiyana pang'ono kumene kunalipo kunapendekera kwa a madola 20.

Nanga n'chifukwa chiyani dola imodzi inasuntha anthu? Festinger anali atalemba kale buku mu 1957 lofotokoza zimene zimachitika maganizo awiri akagundana mwa munthu mmodzi. Mnyamatayu akudziwa kuti ntchito ija inamutopetsa, akudziwanso kuti wauza munthu wosalakwa kuti ndi yokoma. Ziwirizi sizikhalira limodzi mwamtendere. Wa madola 20 ali ndi pothawira: ndinanama chifukwa cha ndalama, ndani akanakana? Wa dola imodzi alibe chifukwa chokwanira. Mawu ananena kale, sangawabweze, ndiye chimene chatsala kuti asinthe ndi maganizo ake pa ntchitoyo. Amayamba kuona kuti, kunena zoona, kupotoza tizikhomo kuja kunali ndi kukoma kwake.

Tsono pali zimene wowerenga watcheru ayenera kugwira. Anthu anali 71, koma magulu atatu a anthu 20 akupanga 60. Enawo 11 anachotsedwa. Asanu anatulukira kuti pali chinyengo, atatu anakana ndalamazo, awiri anamuuza mtsikanayo zoona, ndipo mmodzi anapempha nambala yake ya foni kuti adzamufotokozere bwino pambuyo pake. Onsewa anachokera m'magulu awiri olipidwa. Gulu loyerekezera silinataye munthu, popeza silinapemphedwe kanthu koti n'kukana. Ndiye kuti magulu olipidwa anasefedwa, munatsala okhawo ovomera kunama, pomwe gulu loyerekezera linakhala losasefedwa. Ofufuzawo sanabise zimenezi, koma zikuchepetsa mphamvu ya kuyerekezako.

Chinanso, gulu loyerekezera likusiyana ndi enawo pa zinthu zingapo nthawi imodzi: silinalandire ndalama, silinaname, silinacheze ndi mtsikana, silinapemphedwe thandizo. Choncho tikayerekeza a dola imodzi ndi gulu limeneli, sitinganene motsimikiza kuti mwa zinayizi n'chiti chinagwira ntchito. Kuyerekeza koyera ndi kwa dola imodzi ndi madola 20, chifukwa pamenepo chosiyana ndi kuchuluka kwa ndalama basi. Kuyerekeza kuwiriku kumafunana: kwina kumatiuza kuti ndalama ndi imene yabweretsa kusiyana, kwinako kumatiuza kuti gulu losuntha ndi liti.

Komanso +1.35 pa mulingo wofika +5 si chikondi. Anyamatawa sanatuluke akutamanda tizikhomo; anangochoka pa "zotopetsako" kufika pa "zabwinoko". Ndipo palibe amene anayeza kusautsika kwa mumtima kumene Festinger ankanena. Anakuganizira kuchokera ku mayankho. Mpata umenewu ndi umene Daryl Bem analowerapo mu 1967, ponena kuti palibe chifukwa choganizira za kusautsika kulikonse. Malinga ndi iye, munthu amadziyang'ana monga momwe angayang'anire mnzake: ndanena kuti ndi yokoma, ndipo ndalama zake zinali zochepa, ndiye kuti mwina inandikomeradi. Manambala a 1959 akugwirizana ndi mafotokozedwe onse awiri, ndipo panafunika kafukufuku wina wambiri kuti anthu ayambe kuwasiyanitsa.

Mfundo imene kafukufukuyu angainyamule payekha ndi yopapatiza. Mwa anyamata a pa Stanford amene anavomera kunena zosiyana ndi zimene anaona, olipidwa pang'ono anasintha zimene ananena pambuyo pake zokhudza ntchitoyo kuposa olipidwa zambiri, ndipo olipidwa zambiriwo anakhala pafupi ndi amene sananame. Sanaphunzire za akazi, za anthu akuluakulu, kapena za anthu a mayiko ena. Sanaone ngati kusinthako kunakhalitsa kupitirira tsiku limenelo. Ndipo bwana amene angawerenge izi n'kuganiza kuti malipiro ochepa amachititsa antchito kukonda ntchito wawerenga molakwika, chifukwa ndalama ija sinali malipiro a kupotoza tizikhomo. Inali malipiro a bodza, ndipo kafukufuku atatha, atawafotokozera zonse, ofufuzawo anawapempha anyamatawo kuti aibweze.