Kuyankha foni msanga sikutha kwa dandaulo

Kasitomala akaimba katatu pa vuto limodzi, kaundula wa kampani amalemba kuti mafoni atatu ayankhidwa. Abwana amaona gulu lakhama, pomwe woimbayo wayamba kale kufunsa anzake za kampani ina. Manambala akhala olondola, koma ayeza kutanganidwa kwa ogwira ntchito, osati thandizo limene munthu walandira.

Njira yoikira zolinga yodziwika ndi zilembo za OKR imalimbana ndi msampha umenewu. Anaiyambitsa ndi Andy Grove ku kampani ya Intel m'zaka za m'ma 1970, ndipo John Doerr anaipititsa ku Google mu 1999, kampaniyo ikadali yaing'ono. Gulu limalemba cholinga m'mawu omveka, kenako limasankha zotsatira zitatu mpaka zisanu zoyezeka ndi manambala, zoti zidzaonetse ngati lafikadi. Kawirikawiri zimaikidwa kwa miyezi itatu.

Tiyerekeze kampani yogulitsa magetsi a sola olipira pang'onopang'ono, imene ili ndi anthu asanu ndi atatu oyankha mafoni ndi mauthenga a pa WhatsApp. Cholinga chawo chikhoza kukhala chakuti kasitomala akadandaula kamodzi, asavutikenso kuimba kachiwiri. Mulibe nambala m'mawuwa, ndipo n'koyenera kutero, chifukwa ntchito yake ndi kuuza aliyense kumene gulu likulowera.

Asanaike manambala, ayambe awerenga mmene zinthu zilili pano, ngakhale kwa masabata awiri okha. Tinene kuti apeza kuti pa madandaulo 100 alionse, 55 ndi amene amatha pa foni yoyamba. Chotsatira choyamba n'chakuti afike pa 75. Chachiwiri, uthenga umene umadikira maola 6 uziyankhidwa pasanathe ola limodzi. Chachitatu, akafunsa makasitomala kuti apereke malikisi kuyambira 1 mpaka 5, opereka 4 kapena 5 achoke pa 60 afike pa 80 pa 100 alionse.

Apa m'pofunika kugwirizana kuti dandaulo latha liti. Wogwira ntchito akamadzilembera yekha kuti latha, nambala idzakwera popanda chosintha. Ndi bwino kuti liziwerengedwa lotha pokhapokha munthuyo akapanda kuimbanso pa nkhani yomweyo kwa masiku 7.

Magulu ambiri amaphonya polemba ntchito m'malo mwa zotsatira. Kuchititsa maphunziro kawiri, kapena kulemba kabuku ka mayankho, ndi zochita chabe. Maphunziro akhoza kuchitika, anthu n'kudya nkhomaliro yabwino, kasitomala n'kumaimbabe katatu. Funso loyesera ndi losavuta: kodi tingachite zimenezi zonse kasitomala osamva kusiyana? Ngati n'zotheka, chimenecho si chotsatira.

Choopsa kwambiri, kwa ine, ndi nambala yoima yokha. Uzani gulu kuti foni iliyonse isapitirire mphindi zitatu, lidzakwanitsadi: gogo amene akufotokoza pang'onopang'ono adzadulidwa mawu, wovuta adzakankhidwira ku ofesi ina. Chizindikiro chake n'chakuti nthawi ya foni imatsika pomwe oimba kachiwiri akuchuluka. Grove ankalangiza kuti miyezo iziyenda iwiriiwiri, wina wa liwiro kapena kuchuluka, wina wa ubwino wa ntchito. N'chifukwa chake m'chitsanzo chathu ola limodzi lija likuyang'aniridwa ndi malikisi a makasitomala. Yankho lofulumira lakuti “tamva, dikirani” limakweza nambala imodzi n'kugwetsa inzakeyo.

Sabata iliyonse gulu likhale pansi kwa mphindi zochepa, lione manambala, lifunse chimene chikuwagwira. Mwina lipeza kuti ambiri obwerera ndi amene alipira pa foni koma nambala yoyatsira magetsi sinafike, ndipo woyankha alibe chilolezo choitumizanso mpaka abwana avomereze. Mankhwala ake si kuuza anthu kuti alimbikire, koma kuwapatsa chilolezocho.

Miyezi itatu ikatha, amawerengetsa. Ngati achoka pa 55 n'kufika pa 69, ayenda 14 mwa 20 amene anafuna, kutanthauza 0.7. Ku Google, pa zolinga zoikidwa dala patali, 0.7 imatengedwa kuti ndi yabwino, ndipo gulu lomangopeza 1.0 nthawi zonse limafunsidwa ngati silikudziikira zapafupi. Pa chifukwa chomwechi Doerr amachenjeza kuti malikisiwa asalumikizidwe mwachindunji ndi bonasi, pakuti munthu amene ndalama zake zadalira nambala sangalonjeze 75 pomwe 60 ndi yosavuta.

Pali zina zimene gulu loyankha mafoni silingathe palokha. Ngati mabatire akufa msanga, madandaulo adzabwerabe ngakhale oyankhawo akhale aulemu chotani. Pamenepo abwana aike chotsatira chimodzi chogawana ndi amisiri okonza, mwachitsanzo masiku amene kasitomala amadikira kuti batire lisinthidwe, ndipo magulu onse awiri aziwerengedwa pa nambala yomweyo.