Mmene kangaude wa m'sewero amaponda pansi

Ambiri amaganiza kuti sitepe iliyonse ya kangaude wa m'sewero la pakompyuta imajambulidwiratu. Ine ndikuti kuwerengera pomwepo nkwabwino koposa. Phazi lililonse limaponya mzere wosaoneka pansi, Raycast, monga womanga amatsitsira chingwe chokhala ndi mwala, ndipo pamene wagunda mpoti lipondepo. Phazilo limakhala chikhalire mpaka thupi litatalikira mopyola muyeso, kenako limanyamuka. Masamu otchedwa IK amayambira kuphazi kubwerera m'mbuyo kupeza mmene bondo lipindikire.

Ena amati miyendo yotere imagwedera. Zimachitikadi miyendo yoyandikana ikanyamuka pamodzi, kangaude nkuoneka ngati akuuluka. Lamulo likhale lakuti mwendo usanyamuke woyandikana nawo asanaponde. Inayi iyende, inayi igwire pansi.