Kuika zikhomo za puloti ku Lundazi

Ndikamapima puloti ku Lundazi sindidalira foni, chifukwa imaphonya ndi mamita angapo. Makina ndimatenga awiri. Oyamba amakhala pa miyendo itatu pamwamba pa chikhomo chodziwika kale malo ake. Poti sasuntha, amaona pomwe masetilaiti akulakwitsa, n'kutumiza zokonza pa wailesi kwa anzawo omwe ndimayenda nawo pa ndodo.

Sindikhoma chikhomo sikirini isanalembe Fixed. Ikalemba Float, monga zimachitikira pansi pa mtengo wa mango, mutha kulowa m'puloti ya mnzanu ndi theka la mita.

Choopsa kwambiri n'kulemba molakwika malo a makina okhazikika aja. Ngodya zonse zimasunthira mbali imodzi, sikirini ili Fixed ndithu. N'chifukwa chake ndimayamba ndapima chikhomo china chodziwika.